Mapanga awiri avumbwitsa: chimene chimatimanga tikamaopa kudzanena kuti "ndikanadziwa"

Achemwali anga ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo kuyambira mu 2021 mpaka mu 2023 anali ndi kope limodzi limene sankalembamo za ana asukulu. Linali la chikuto chofiira, ndipo linkakhala pa kabati, pansi pa Baibulo. Tsamba lililonse ankalidula pakati ndi mzere. Kumanzere ankalemba ubwino wosiya uphunzitsi n'kugula chigayo pa msika wa kwathu, kumanja ankalemba ubwino wokhala momwe analili. Ndikapita kukawaona ankanditsegulira, ndipo ndinkapeza kuti tsamba la mwezi uno ndi lofanana ndi la mwezi watha, mawu okha ndiwo asintha. Tsiku lina madzulo tili pakhonde anandiuza kuti, "Iwe, sikuti sindiganiza. Ndimaganiza mpaka tambala woyamba. Koma ndikangoti ndasankha, mtima umandifunsa kuti nanga zikadzakanika udzawauza chiyani ana?"

Ndinawamvetsa, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene akuwerenga akuwamvetsanso. Wina funso lake ndi la ulendo wa ku Joni, wina ndi la banja limene lazizira, wina ndi la kubwerera kusukulu ali ndi ana atatu. Munthu wotereyu si waulesi, komanso si wopusa. Nthawi zambiri amakhala uja wosamala kwambiri pabanja, amene ena onse amamudalira. Chimene chamugwira ndi mantha a tsiku limene adzakhale pansi n'kunena kuti "ndikanadziwa", ndipo amakhulupirira kuti akaganiza kokwanira, tsikulo angathe kulizemba.

Manthawa ali ndi kachitidwe kake, ndipo akatswiri a kaganizidwe ka anthu anakayeza. Mu 1982, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky analemba za funso limene ankafunsa anthu lokhudza amuna awiri ogula masheya. Woyamba anaganiza zochotsa ndalama zake kukampani ina kupita nazo kwina, koma sanachotse, ndipo pambuyo pake anazindikira kuti akanachotsa akanapindula madola 1,200. Wachiwiri anachotsadi, n'kuzindikira kuti akanakhala pomwe anali akanapindula madola 1,200 omwewo. Onse awiri aphonya ndalama yofanana ndendende. Komabe anthu oposa 9 mwa 10 alionse amayankha kuti amene akumva chisoni kwambiri ndi wachiwiriyo, amene anachitapo kanthu. Mtima wathu umalanga kwambiri cholakwa chimene tachita ndi manja athu kusiyana ndi chimene chabwera tili chikhalire. N'chifukwa chake kukhala osasuntha kumaoneka ngati malo obisalako. Achemwali akanataya ndalama pa chigayo, mudzi wonse ukanadziwa kuti ndi iwo anasankha. Koma akataya zaka ali pamalo amodzi, palibe amene angawaloze chala.

Nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri imene munthu wozengereza saiona. Thomas Gilovich ndi Victoria Medvec, m'kafukufuku wawo wa mu 1994, anapeza kuti anthu akamayang'ana sabata yathayi, amadandaula kwambiri ndi zimene anachita, koma akamayang'ana moyo wawo wonse, ambiri amadandaula ndi zimene sanachite. Chifukwa chake n'chomveka. Chinthu chimene unachita n'kulakwa chili ndi malire: ukudziwa kuti unataya zingati, unalira, unakonza zokonzeka, ndipo bala linapola. Chinthu chimene sunachite chilibe malire, poti m'maganizo chigayo chimene sunagule sichiwonongeka, sichisowa makasitomala, ndipo chimangokulirakulira chaka ndi chaka. Choncho munthu amene akuthawa chisoni cha mawa pokhala chete amakhala akusinthanitsa chisoni chachifupi ndi chachitali.

Palinso chinthu china chimene chinanditonthoza nditachimva. Timakonda kukulitsa chisoni chimene tikuyembekezera. Mu 2004, Daniel Gilbert ndi anzake anafunsa anthu okwera sitima zapansi panthaka ku Amereka. Ena anawafunsa kuti angamve bwanji atasiyidwa ndi sitima pang'ono pokha, ndipo ena anawafunsa atasiyidwadi, sitimayo ikuchoka. Amene ankangoyerekeza ananena kuti angadziimbe mlandu kwambiri kuposa mmene osiyidwa enieniwo anadziimbira. Kusiyidwa ndi sitima si kutaya chuma cha banja, zimenezo ndikuvomera. Koma aliyense wa ife akudziwa munthu amene bizinesi inamugwera, lero akuseka ndipo akuchita zina. Tikamaopa za mawa timaona kugwa kokha, timaiwala kuti pa tsikulo tidzakhalanso ndi manja, abale ndi nzeru zodzukira.

Tsono vuto lalikulu la kope la achemwali linali lakuti munalibe mtengo wa kudikira. Mbali ya kumanja ankaiona ngati yaulere. Koma mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo zipangizo zochokera kunja monga mota ndi mabeyaring'i zinakwera mtengo. Ndalama zimene anasunga kubanki ndi kubanki m'khonde zinali zomwezo pa pepala, koma zinkagula zochepa kuposa chaka chapitacho. Kusasankha kunali kusankha ndithu, ndipo kunkawadyera ndalama mwezi uliwonse popanda kuwapatsa chidziwitso chatsopano.

Mlimi aliyense wa chimanga amaudziwa msampha umenewu, ngakhale sautchula dzina. Chizimalupsa chikagwa sathamangira kubzala, chifukwa amadziwa kuti mbewu ingamere n'kupsa ndi dzuwa. Apo kudikira kuli ndi phindu, poti pali chimene akuyembekezera kuona: mvula yolowa pansi, yoti ukakumba ndi khasu upeze chinyontho chakuya. Koma mvula yobzalira ikagwa, sanena kuti adikire kaye adziwe ngati mu Januwale kudzakhale ng'amba. Palibe amene angamuuze zimenezo motsimikiza, ndipo sabata iliyonse yochedwa ikumudulira zokolola. Amabzala, n'kusungako mbewu pang'ono yodzapakizira pamene sipanamere. Kudikira koyambako ndi nzeru, kwachiwiriko ndi kuja akuluakulu amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Kusiyana kwake n'kumodzi: kodi pali chinthu chenicheni chimene ndikudikira kuti ndidziwe, ndipo ndidzachidziwa liti? Ngati funsoli lilibe yankho la dzina ndi tsiku, ndiye kuti sukudikira chidziwitso, ukungothawa mantha.

Ili ndi funso limene tinafunsana ndi achemwali pa holide ya mu Ogasiti 2023. Tinatenga tsamba latsopano, osalidula pakati, ndipo tinalemba zonse zimene sankazidziwa. Zinakwana khumi ndi chimodzi. Kenako tinaziika m'magulu atatu, ndipo apa m'pamene mfundo inayamba kumasuka.

Gulu loyamba linali la zinthu zoti munthu akhoza kuzidziwa sabata yomweyo atangofunsa kapena kuwerenga. Chigayo chogwiritsidwapo kale ntchito chikugulitsidwa ndalama zingati? Nanga nyumba imene akuifunayo ili ndi magetsi amphamvu oyendetsa mota yaikulu, kapena pafunika kukoka kuchokera pa thiransifoma? Ndi anthu angati amagayitsa pa msikawo? Ndinadabwa, ndipo iwonso anadabwa, kuona kuti pa zaka ziwiri zosagona tulo, mafunso asanu ndi limodzi a mtundu umenewu anali asanafunsidwe kwa munthu aliyense. Umu ndi mmene kuzengereza kumakhalira: mutu umazungulira pa funso lalikulu loopsa, pamene timafunso tating'ono toyankhika tili pomwepo. Safunsa anadya phula, koma achemwali sankafunsa chifukwa kufunsa kunkawaonetsa ngati ayamba kale ulendo umene ankauopa.

Anapita. Pafupi ndi chigayo chimene chinalipo kale pa msikawo pali mayi wogulitsa mandasi, mnzawo wa kumvano. Anakhala naye pa benchi masiku anayi, awiri a msika ndi awiri wamba, kope lili pamwendo, akulemba kamzere pa ndowa iliyonse yolowa. Manambala amene ndikupereka apa ndawazunguliza kuti asavute kutsatira, ndipo mitengo yake ndi ya nthawi imeneyo. Tsiku la msika zinkalowa ndowa pafupifupi 120, tsiku wamba 60. Pa sabata ya masiku asanu ndi limodzi, lamsika limodzi ndi wamba asanu, ndi ndowa 420. Tinati chigayo chatsopano chikalanda theka la anthuwa, ndi ndowa 210 pa sabata, 840 pa mwezi. Pa K500 ndowa imodzi, zolowa ndi K420,000. Mwini chigayo wa kumsika wina, amene sakanapikisana naye, anawauza zotuluka mosabisa: magetsi cha m'ma K170,000, mnyamata wogayitsa K60,000, lendi K30,000, ndipo masefa, malamba ndi zokonzetsa zina K40,000. Zonse pamodzi K300,000. Zotsala K120,000.

Koma mwini chigayo uja anawachenjeza kuti Ogasiti ndi mwezi wa nkhokwe zodzaza. Kuyambira cha mu Disembala mpaka chimanga chatsopano chiume, ogayitsa amatsika, mwina kufika pa theka. Titawerengera ndowa 420 pa mwezi, zolowa zinali K210,000, magetsi K85,000, ndipo zina zija zosasintha K130,000. Miyezi imeneyo chigayo chimangodzidyetsa chokha, n'kupereweranso K5,000 pa mwezi. Ndiye pa chaka, miyezi isanu ndi iwiri ya phindu inkapereka K840,000, kutanthauza K70,000 pa mwezi tikagawa chaka chonse. Ndalama imeneyi sinkafika ngakhale theka la malipiro awo.

Ndikukumbukira mmene anakhalira chete akuyang'ana nambalayo. Kenako anati, "Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa funso lolakwika." Zinalidi choncho. Chigayo chimodzi pa msika umenewo sichikanalowa m'malo mwa ntchito, ndiye funso la kusiya uphunzitsi linafa lokha. Koma chigayo cha K3 miliyoni chobweza K840,000 pa chaka chikanadzilipira pa zaka zitatu ndi theka n'kupitirirako pang'ono, zomwe zinali bwino kuposa kusiya ndalamazo zikusungunuka. Munthu akamangika, kawirikawiri amakhala ataima pakati pa mapanga awiri okha, osaona kuti pali lachitatu chapafupi. Ndaona zimenezi kangapo: funso likangokhala lakuti "ndichite kapena ndisachite", ndi bwino kulikayikira funsolo lisanayankhidwe.

Gulu lachiwiri linali la zinthu zimene sungazidziwe pofunsa, koma ungazidziwe poyesa pang'ono. Kodi mnyamata adzakhala wokhulupirika iwo ali m'kalasi? Kodi anthu adzasiyadi chigayo chimene anazolowera? Kodi thupi lawo lidzapirira kuchoka kusukulu n'kukawerengera ndalama mpaka mdima? Pa izi, chofunika ndi kufunsa kuti khomo limene ukulowalo limatsekeka kumbuyo kapena ayi. Kusiya ntchito ya boma ndi khomo lovuta kubwererapo. Kugula chigayo ntchito ili m'manja ndi khomo lotseguka, chifukwa zikavuta umagulitsa makinawo. Tinawerengera kuti zitafika poipitsitsa, atagulitsa motchipa n'kuphatikiza lendi ndi mawaya, akanataya cha m'ma K1.3 miliyoni. Ndi ndalama yopweteka, koma ana akanapitabe kusukulu ndipo nsima ikanaphikidwabe. Mantha aja opanda nkhope, akuti "zonse zidzatha", anasanduka nambala yoti munthu angaiyang'ane n'kunena kuti iyi ndingaisenze. Chosankha chimene choipitsitsa chake ungachisenze sichifuna zaka ziwiri zoganiza. Chimene choipitsitsa chake ndi kugulitsa munda wa makolo kapena kulowa katapila, chimenecho ndiye chofunika kudekha ndi kukhalirana pansi ndi abale.

Za kukhulupirika kwa mnyamata, mwini chigayo uja anawaphunzitsa njira yosavuta. Sabata yoyamba ukhalepo wekha, ulembe mayunitsi a pa mita m'mawa ndi madzulo, ndi ndowa zimene zagayidwa. Ukatero umadziwa kuti ndowa khumi zimadya mayunitsi angati. Kuyambira pamenepo mita ndiyo imakhala mboni yako: mayunitsi akatha ambiri koma ndalama n'kuchepa, ndiye kuti mwina wina akugayitsa osalemba, kapena sefa ndi nyundo zatha ndipo makina akulimbana ndi chimanga.

Gulu lachitatu linatsala ndi zinthu ziwiri zokha: mvula idzagwa bwanji, ndipo kwacha idzayenda bwanji. Izi palibe akanawayankha, ngakhale akanadikira zaka khumi. Ndipo ndi zimenezi zimene zinkawasowetsa tulo. Pa zoterezi munthu sachita kafukufuku wina, amangokonza podzagwera. Achemwali anapatula ndalama zokwana lendi ndi malipiro a mnyamata kwa miyezi itatu, monga mbewu yopakizira ija, ndipo anakana kutenga ngongole yowonjezera makina okonolera. Analembanso m'kope malire awo asanayambe: ngati miyezi itatu ya nthawi yokolola itsatizana popanda phindu, adzagulitsa. Malire otere amalembedwa mutu uli wozizira, chifukwa munthu akalowetsa kale ndalama amavutika kuvomereza, ndipo amangothira zina pofuna kupulumutsa zoyamba.

Anadziikiranso tsiku. Anati pofika pa 30 Seputembala adzakhala atasankha ndi zimene adzakhale akudziwa pa tsikulo. Pa makina enieniwo sanafune abwino koposa onse m'dziko muno. Analemba zinthu zitatu zofunika, mota yosapsapo, mtengo wosapitirira zimene anali nazo, ndi wogulitsa wolola kuti mmisiri auyese, ndipo chigayo choyamba kukwaniritsa zitatuzi anachitenga. Herbert Simon, amene analandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 1978, anafotokoza kale m'zaka za m'ma 1950 kuti munthu alibe nthawi kapena mutu wokwanira kuyeza njira zonse, choncho wanzeru amaika muyeso wa chimene chili chokwanira n'kuima akachipeza.

Zimene zinachitika pambuyo pake ndi zimene zinandiphunzitsa kwambiri. Anagula mu Okutobala 2023. Mu Novembala kwacha inachepetsedwanso mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya makina inalumpha, ndipo anthu anayamba kunena kuti aphunzitsi aja ndi ochenjera, anaoneratu patali. Sanaoneretu kanthu. Kenako mvula inadula, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala. Chimanga chinachepa, ogayitsa anachepa, ndipo anthu omwe aja anayamba kunena kuti munthu wophunzira angagule bwanji chigayo m'chaka cha njala. Chosankha chinali chimodzi chomwecho, chopangidwa tsiku limodzi ndi chidziwitso chimodzi. M'miyezi isanu ndi umodzi chinatchedwa nzeru, kenako chinatchedwa uchitsiru, pomwe chimene chinasintha ndi mwayi wokha.

Apa ndi pamene "ndikanadziwa" amanamiza. Zinthu zikachitika, maganizo amatiuza kuti zinali zoonekeratu, ndipo timamuweruza munthu wa dzulo ndi nkhani zimene zafika lero. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: pa tsiku losankha, lembani zimene mukudziwa, zimene simungathe kudziwa, ndi chifukwa chimene mwasankhira. Usiku wina mu Juni 2024 achemwali anandiimbira mawu ali olemera, akuti mwina analakwitsa. Ndinawapempha kuti atsegule tsamba la pa 30 Seputembala. Anawerenga mokweza mzere umene analemba okha: "Za mvula sindingadziwe. Ikavuta, ndili ndi ya miyezi itatu, ndipo ntchito ndikadali nayo." Chisoni cha ndalama sichinachoke, koma kudziimba mlandu kunatha, poti anaona kuti munthu amene analemba mawuwo sanali wosasamala. Pali cholakwa chenicheni chimene anachipeza, ndipo anachivomera: anawerenga ndowa m'mwezi umodzi wokha, wa chaka chimene anthu anali ndi chimanga, osafunsa kuti m'chaka cha njala zimatsika kufika pati. Chimenecho chinali cha m'gulu loyamba, choti akanafunsa. Chisoni cha mtundu umenewu n'chothandiza, chifukwa chimaloza chinthu chimodzi chokonzeka.

Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikunena kuti kusintha n'kwabwino nthawi zonse. Katswiri wa zachuma Steven Levitt anachititsa anthu oposa 20,000 amene anali atamangika pa zosankha zawo kuponya kobiri pa intaneti, ndipo pa nkhani zikuluzikulu monga kusiya ntchito, amene anasintha ananena patapita miyezi isanu ndi umodzi kuti ali okondwa kuposa amene anakhala. Izi zikusonyeza kuti anthu ofika pa mphambano amapendekera kwambiri ku mbali yokhala. Koma anthuwo anadzipereka okha, anali oti mbali zonse ziwiri zikulemera mofanana kwa iwo, ndipo chimwemwe chawo ankachinena okha. Kwathu kuno malipiro a munthu mmodzi amadyetsa makomo atatu kapena anayi, ndiye kugwa kwake si kwa iye yekha. Palinso zosankha zosayeseka pang'ono, monga ukwati, opaleshoni kapena kugulitsa malo, zimene madzi ake akatayika saoleka. Pa zimenezi chimene chimalowa m'malo mwa kuyesa ndi kucheza ndi anthu amene anadutsamo, makamaka amene zinawavuta, ndi kufunsa ankhoswe, dokotala kapena akuluakulu a banja mafunso enieni m'malo mowapempha kuti akusankhireni. Ndipo ngati kulephera kusankha kwafalikira mpaka pa tinthu tating'ono, tulo ndi chilakolako cha chakudya zathawa kwa masabata awiri kapena kuposa, ndipo palibe chimene chikukusangalatsani, limenelo lingakhale vuto la nkhawa kapena matenda a maganizo, lofunika kukaonana ndi achipatala, osati kope lina.

Achemwali anatsala pang'ono kufika pa malire amene anadziikira aja. Meyi ndi Juni 2024 anadutsa opanda phindu, ndipo Julaye akanakhala mwezi wachitatu. Anachepetsa masiku ogaya kukhala atatu pa sabata kuti magetsi asapite pachabe, anagwirizana ndi mnyamata uja za malipiro a masiku ogwira okha, ndipo anayamba kugulitsa madeya kwa oweta nkhumba. Julaye anatseka ndi K18,000 pamwamba. Sanagulitse. Ndalama za miyezi itatu zija zinatha mu nyengo ya njala yotsatira, ndipo anazibwezeretsa pang'onopang'ono kuchokera ku malipiro. Akuphunzitsabe, ndipo ulendo wapitawu nditawapeza anali pa chigayo madzulo, choko chidakali m'zala, akulemba mayunitsi a pa mita m'kope lofiira lija.